Notisi ya mwezi umodzi: tsiku lomaliza ntchito ndi liti?

Tiyerekeze mayi wina wogwira ntchito yosunga kaundula wa katundu pa kampani ina ku Kanengo. Wapeza ntchito ya malipiro abwinoko ku Limbe, ndipo Lolemba pa 16 Malichi 2026 wapereka kalata kwa abwana ake. M'kalatamo walemba kuti akusiya ntchito ndipo akupereka notisi ya mwezi umodzi. Tsiku lomaliza sanalitchule, poganiza kuti mwezi aliyense amaudziwa.

Patangopita masiku ochepa, anthu atatu pa ofesipo ali ndi masiku atatu osiyana. Mayiyo wawerenga masabata anayi, nkupeza Lolemba pa 13 Epulo, ndipo wauza kale a ku Limbe kuti adzayamba mawa lake. Wa ku ofesi ya malipiro wawerenga masiku 30, wapeza pa 15 Epulo. Abwana akuti ayi, adzaonana naye mpaka pa 16 Epulo.

Amene akulondola ndi abwana. Lamulo la za ntchito la m'Malawi, Employment Act la chaka cha 2000, pa gawo 29 limati munthu wolandira malipiro a pamwezi, amene ntchito yake ilibe tsiku loikika lothera, apereke notisi yolemba ya mwezi umodzi. Mwezi umenewu ndi wa pakalendala, si masabata anayi ndiponso si masiku 30. Kawerengedwe kake ndi kophweka kuposa mmene anthu amakaganizira. Tsiku limene kalata yaperekedwa siliwerengedwa ayi. Mwezi umayamba mawa lake, nkudzatha pa deti lomwe lija la mwezi wotsatira. Kalata ya pa 16 Malichi imayamba kuwerengedwa pa 17 Malichi ndipo imatha pa 16 Epulo. Mwachidule, mungotsegula tsamba lotsatira la kalendala nkuloza nambala yomweyo.

Kusiyana kwa masiku atatu kumaoneka ngati nkhani yachabe mpaka ndalama zitalowapo. Gawo 30 la lamulo lomwelo limati wantchito wochoka osakwanitsa notisi ayenera kulipira abwana ndalama zofanana ndi malipiro a masiku otsalawo, pokhapokha abwanawo atamukhululukira. Ngati mayi wathuyu amalandira K300,000 pamwezi, ndipo ofesi yake imagawa malipirowo ndi masiku 30, tsiku lililonse ndi K10,000. Akachoka pa 13 Epulo, ali ndi ngongole ya K30,000, ya Lachiwiri, Lachitatu ndi Lachinayi. Akati akhale kuti akwanitse masikuwo, ndiye kuti a ku Limbe ayamba kumudziwa ngati munthu wosintha mawu asanakhale nkomwe pa mpando.

Pamene anthu ambiri amapunthwa ndi pa mawu akuti "kupereka". Deti limene mwalemba pamwamba pa kalata silimene limayambitsa notisi. Imayamba abwana, kapena ofesi yoona za antchito, akailandira. Mukailemba Lachisanu usiku kunyumba, nkuisunga m'chikwama mpaka Lolemba, mwezi wanu uwerengedwa kuchokera Lolembalo. Chimodzimodzi kalata yosiyidwa patebulo la bwana amene ali ku maliro kumudzi: mawa angathe kunena kuti anaiona patapita masiku anayi, ndipo mulibe chomutsutsira. Nchifukwa chake ndi bwino kulemba makalata awiri ofanana. Imodzi isiyeni, inayo woilandira asainepo, alembepo deti, adindepo chidindo cha ofesi ngati chilipo, mubwerere nayo kunyumba. Imelo nayo ili ndi ubwino wakuti imasonyeza yokha tsiku ndi nthawi. Zongouza abwana pakamwa muli pa khonde, ngakhale atagwedeza mutu, musaziwerengere.

Kalendala nayo ili ndi misampha yake. Munthu wopereka kalata pa 31 Januwale sapeza 31 Febuluwale, choncho notisi yake imathera pa tsiku lomaliza la mweziwo, pa 28, kapena pa 29 m'chaka ngati 2028. Wopereka pa 31 Malichi amamaliza pa 30 Epulo. Palinso nkhani ya masiku opuma. Kalata yoperekedwa Lachitatu pa 6 Meyi 2026 imathera Loweruka pa 6 Juni. Kwa munthu wogwira ntchito Lolemba mpaka Lachisanu, tsiku lomaliza kubwera ku ofesi ndi Lachisanu pa 5 Juni, koma ntchito yake ikutha pa 6. Masiku awiriwa ndi osiyana, ndipo zikatere alembeni onse awiri m'kalata, kuti wowerengera malipiro asakudulireni tsiku poganiza kuti mwachoka msanga.

Musanagwire cholembera, tulutsani kaye kalata imene anakulemberani ntchito, ija munaiika pansi pa sutikesi chaka chija. Mapangano ena amafuna notisi yaitali kuposa ya lamulo, monga miyezi itatu kwa akuluakulu a pa ofesi. Ena amati masiku 30, ndipo pamenepo muwerengedi masiku, limodzilimodzi, kuyambira tsiku lotsatira. Ena amati notisi iyambe pa 1 mwezi. Pa pangano lotere kalata ya pa 16 Malichi ingakusungeni mpaka pa 30 Epulo, ndipo mayi wathu uja akadaphonya ndi masabata awiri ndi theka.

Kalata yeniyeniyo sifuna mawu ambiri. Maofesi ambiri amailandira m'Chingelezi, koma mfundo zake ndi zomwezi. Pamwamba pakhale deti loperekera, dzina ndi udindo wa woilandira, kenaka mawu onga awa:

"Ndikukudziwitsani kuti ndikusiya ntchito yanga yosunga kaundula wa katundu. Malinga ndi pangano la ntchito yanga, ndikupereka notisi ya mwezi umodzi lero, Lolemba pa 16 Malichi 2026. Tsiku langa lomaliza kugwira ntchito lidzakhala Lachinayi pa 16 Epulo 2026. Ndikupempha kuti munditsimikizire tsikuli polemba, komanso mundiwerengere masiku a tchuthi amene sindinatenge. Zikomo chifukwa cha nthawi imene ndagwira nanu ntchito."

Onani kuti dzina la tsiku ndi deti zalembedwa pamodzi. Munthu akalakwitsa nambala, dzina la tsikulo limamugwira asanapereke kalata. Zifukwa zochokera siziyenera kulembedwa, ndipo ine ndimaona kuti ndi nzeru kuzisiya. Kalatayi imakalowa m'faelo, ndipo faelo imakhalitsa kuposa mkwiyo.

Za tchuthi ndazitchula dala. Ambiri amaganiza kuti ngati ali ndi masiku khumi a tchuthi otsala, angathe kungowachotsa pa notisi nkusiya kubwera. Zimenezo zimatheka abwana akavomera, ndipo chivomerezocho chilembedwe. Akakana, mugwira ntchito mpaka tsiku lomaliza, ndipo masiku a tchuthiwo adzakupatsani ngati ndalama pamodzi ndi malipiro otsiriza. Pochoka mukumbukirenso kutenga chikalata chosonyeza kuti munagwira ntchito pamalopo kuyambira liti mpaka liti, chifukwa lamulo limakulolani kuchipempha, ndipo deti lothera limene lidzalembedwemo liyenera kufanana ndi la m'kalata yanu.

Kalata yosiya ntchito ikalandiridwa, simungaibweze mwa inu nokha, pokhapokha abwana atavomera. Choncho musaipereke pongodalira lonjezo la pafoni. Dikirani kalata ya ntchito yatsopanoyo ifike m'manja, muwerenge mwezi wanu pa kalendala, kenaka muwauze tsiku loyambira.