Foni yoyerekezera ikamakana kudzuka pa laputopu ya memore yochepa

Wophunzira kupanga mapulogalamu a mafoni a Android nthawi zambiri amayambira pa Android Studio, pulogalamu yaulere imene kampani ya Google inatulutsa mu 2014. M'kati mwake muli emyuleta, foni yoyerekezera imene imaoneka pa sikirini kuti munthu ayeserepo zimene walemba. Pa laputopu ya memore ya magigabaiti 8, foni imeneyi ikhoza kungoonetsa chizindikiro chake kwa mphindi zambiri, fani ikulira, mpaka mwiniwake n'kumaganiza kuti makina afa. Kawirikawiri amakhala asanafe. Zochedwetsa zazikulu zilipo ziwiri, ndipo chilichonse chili ndi pochionera.

Choyamba chili mu pulosesa. Emyuleta imathamanga ngati pulosesa yaloledwa kuyendetsa foni yoyerekezerayo mwachindunji. Luso limeneli ku Intel amalitcha VT-x, ku AMD amati AMD-V, ndipo pa malaputopu ena limabwera lili lozimitsa. Pa Windows, munthu atsegule Task Manager, apite pa Performance, kenako CPU, ayang'ane mzere wa Virtualization. Pakalembedwa Disabled, azimitse laputopu, poiyatsanso alowe mu BIOS n'kutsegula lusolo, lomwe pa makina ambiri a AMD limalembedwa kuti SVM Mode. Akatero achonge Windows Hypervisor Platform m'ndandanda wa Windows Features. Malangizo akale ambiri amatchula HAXM, koma Intel inasiya kuisamalira mu 2023. Chotsimikizira ndi lamulo ili, lolembedwa m'foda ya emyuleta:

```
emulator -accel-check
```

Chachiwiri ndicho chimazunza ambiri, chifukwa chimachitika ngakhale zonsezo zitakonzedwa. Memore ili ngati lichero, disiki ili ngati nkhokwe: lichero likadzaza, wopeta amangokhalira kubweza zina kunkhokwe n'kukatenganso. Windows payokha imadya magigabaiti pafupifupi 3. Android Studio imatenga pafupifupi 2. Gradle, imene imasonkhanitsa zolembedwazo kukhala pulogalamu yoika mufoni, pulojekiti yatsopano imaipatsa malire a 2. Emyuleta nayo imafuna 2 kapena kuposerapo. Zonse pamodzi ndi 9, pamene laputopu ili ndi 8, ndipo bulawuza sinatsegulidwe n'komwe. N'chifukwa chake Google imalangiza magigabaiti 16 kwa wofuna kugwiritsa ntchito emyuleta.

Mu Task Manager zimaonekeratu: Memory imakhala itatsala pang'ono kudzaza, Disk ili pa 100%. Ngati disikiyo ndi yakale ija yozungulira, osati SSD, kudikira kwake kumatopetsa zedi.

Pamenepa ntchito ndi yochepetsa gawo la chilichonse. M'fayilo ya `gradle.properties` munthu akhoza kutsitsa malire a Gradle:

```
org.gradle.jvmargs=-Xmx1024m
```

Pulojekiti yaing'ono yophunzirira imakwanira mmenemo. Ikadzakula n'kuyamba kuonetsa `OutOfMemoryError`, nambalayo ikwezedwe. Komanso Gradle ikamaliza kumanga sichoka, imakhala chire kudikira ntchito ina kwa maola 3, memore ili m'manja. Lamulo la `gradlew --stop` limaichotsa, ngakhale kuti kumanga kotsatira kumachedwerapo pang'ono.

Popanga foni yoyerekezera mu Device Manager, mtima umathamangira Pixel yatsopano ya sikirini yaikulu. Pa makina otere ndi kudzipweteka. Foni ya sikirini yaing'ono, monga 720 x 1280, imapepuka kwambiri, ndipo pa pulosesa ya Intel kapena AMD mtundu wa Android wosankha ukhale wolembedwa x86_64, osati arm64.

Kuyatsa koyamba kumachedwa basi, palibe chozembera. Koma kuyambira mu 2017 emyuleta ili ndi Quick Boot: ikamatsekedwa imasunga pa disiki mmene zinthu zinalili, ndipo ulendo wotsatira imadzukira pomwepo. Woipha mwaukali mu Task Manager, kapena amene batire lamuthera magetsi atathima, saipatsa mpata wosunga. Wodina Cold Boot Now ndiye kuti waiuza yekha iyambire pachiyambi. Choncho ndi bwino kuiyatsa kamodzi, kuisiya yotsegula ntchito ili m'kati, n'kuitseka mwadongosolo.

Pa laputopu ya magigabaiti 4 kulimbana ndi emyuleta n'kutaya nthawi, pakuti Android Studio yokhayo imayenda mokwawa. Njira yanzeru, ngakhale kwa wa magigabaiti 8, ndi foni yeniyeni. Mu Settings, pa About phone, munthu amadina Build number ka 7, Developer options n'kutseguka. Mmenemo amayatsa USB debugging, n'kulumikiza foni ku laputopu ndi chingwe chodutsa deta, poti zingwe zina n'zotchajira basi. Kenako amalemba `adb devices`. Pakatuluka `unauthorized`, ndiye kuti pafoni pali funso la chilolezo limene sanavomere. Pakatuluka `device`, Android Studio izitumiza pulogalamu molunjika kufoniyo, ndipo magigabaiti 2 a emyuleta aja atsalira Gradle ndi bulawuza.