Tsiku Limene Mizinga Inasowa Cholasa Panyanja ya Pasifiki

Kwa zaka zambiri, nkhondo ya panyanja yamchere inali ndi lamulo limodzi losavuta kumva. Uyenera kumuona mdani ndi maso, umuyandikire, kenako umulase ndi mzinga waukulu kuposa wake, uku iwe utavala chitsulo chokhuthala kuposa chake. Nchifukwa chake maiko amphamvu ankathira chuma chawo pomanga sitima zikuluzikulu za mizinga. Mu 1906 dziko la Britain litatulutsa sitima yotchedwa Dreadnought, yokhala ndi mizinga ikuluikulu 10, maiko ena onse anayamba mpikisano womanga zofanana nayo, ndipo mphamvu ya dziko panyanja inkayezedwa powerenga sitima zamtunduwu.

Mpikisanowu unafika pachimake ndi sitima ya Japani yotchedwa Yamato, imene inayamba ntchito mu Disembala 1941. Inkalemera matani oposa 70,000 ikadzaza. Inali ndi mizinga ikuluikulu 9, ndipo chipolopolo chimodzi chinkalemera pafupifupi tani imodzi ndi theka. Chitsulo cha m'nthiti mwake chinali chokhuthala masentimita 41. Mzinga wake unkatha kuponya chipolopolo mtunda wa makilomita 42, koma kuponya n'kwina, kulasa n'kwina. Sitima imene ukufuna kuilasa ikuyenda, yakonso ikuyenda ndi kugwedezeka pamafunde, ndipo poti dziko ndi lobulungika, chinthu chakutali panyanja chimabisika kuseri kwa madzi. Pankhondo zonse zodziwika, mtunda wautali umene mzinga wa sitima unalasapo sitima inzake ikuyenda ndi makilomita pafupifupi 24.

Sitima yonyamula ndege inabwera ndi masamu ena. Pamwamba pake ndi bwalo lalitali lafulati pomwe ndege zimanyamukira ndi kutera, ndipo pansi pa bwalolo pali chipinda chachikulu chosungiramo ndege, kuzithira mafuta ndi kuzimangirira mabomba. Ndege za m'chaka cha 1942 zinkatha kupita makilomita 250 kapena 300, kuponya bomba n'kubwerera, mtunda woyandikana ndi wochoka ku Lilongwe kukafika ku Blantyre. Komanso chipolopolo chikachoka mumzinga sichikhota, pamene ndege ili ndi munthu amene amaona, kusaka ndi kutsatira sitima ikamazemba.

Akuluakulu a nkhondo ambiri sanafulumire kukhulupirira, ndipo anali ndi zifukwa zomveka. Sitima yonyamula ndege ndi yofewa, yodzaza mafuta ndi mabomba. Pa 8 Juni 1940 sitima ziwiri za mizinga za Jeremani, Scharnhorst ndi Gneisenau, zinapeza sitima yonyamula ndege ya Britain, Glorious, kufupi ndi Norway ilibe ndege ngakhale imodzi m'mwamba yolondera, ndipo zinaimiza. Koma mu Novembala chaka chomwecho ndege zachikale 21 zochokera pa sitima ya Illustrious zinalemaza sitima zitatu za mizinga za Italy padoko la Taranto usiku umodzi. Pa 7 Disembala 1941 sitima 6 zonyamula ndege za Japani zinachita zomwezo ku Pearl Harbor, n'kumiza kapena kuononga sitima 8 za mizinga za Amereka. Okayika ankayankhabe kuti sitimazo zinagwidwa zitaima padoko. Yankho lenileni linabwera pafupi ndi kachilumba ka Midway pa 4 Juni 1942, ndipo m'pofunika kulitsata tsikulo ola ndi ola.

Mkulu wa asilikali a panyanja a Japani, Isoroku Yamamoto, ankafuna kulanda Midway kuti akope sitima za Amereka zibwere, aziphwanye. Patsogolo anatumiza Chuichi Nagumo ndi sitima zinayi zonyamula ndege: Akagi, Kaga, Soryu ndi Hiryu. Mwiniwakeyo anali pa Yamato, makilomita pafupifupi 500 kumbuyo, kudikira kuti adzamalize nkhondoyo ndi mizinga. Chimene sankadziwa n'chakuti Aamereka anali atatulukira kawerengedwe ka mauthenga achinsinsi a Japani, ndipo sitima zawo zitatu zonyamula ndege, Enterprise, Hornet ndi Yorktown, zinali zitabisala kale kumpoto chakum'mawa kwa chilumbacho. Analibe sitima ya mizinga ikuluikulu ngakhale imodzi.

Nthawi ya 4:30 m'mbandakucha, Nagumo anatumiza ndege 108 kukaphulitsa Midway. Ndege zotsala anazisunga zitamangiriridwa zida zomizira sitima, makamaka matopido, omwe ndi mabomba aatali oyenda okha m'madzi n'kukaboola sitima kunsi. Sitima zake zinalibe rada, chida choonera ndege ndi sitima patali, choncho maso ake anali ndege zochepa zimene anazituma kukazonda nyanja. Imodzi mwa izo, yochokera pa sitima ya Tone, inanyamuka mochedwa ndi theka la ola.

Amene anapita ku Midway anatumiza mawu akuti chilumbacho chikufunika kuchimenya kachiwiri. Pofika 7:15, poti panalibe aliyense amene anali ataona sitima za mdani, Nagumo analamula kuti matopido achotsedwe, pamangidwe mabomba ophulitsira pamtunda. Ntchito imeneyi si yamasewera. Topido imodzi inkalemera makilogalamu oposa 800, ndipo amuna ankaitsitsa ndi kuikankha pangolo m'chipinda chothina, sitima ikukhotakhota pozemba ndege zochokera ku Midway. Ntchito ili mkati, ndege ya pa Tone ija inanena kuti yaona sitima 10 za mdani. Nagumo anaimitsa lamulo lija, n'kuti matopido abwerere. Itakwana 8:20 ndi pomwe wozondayo anaonjeza mawu oopsa, akuti pakati pa sitimazo pakuoneka yonyamula ndege.

Apa ndi pamene munthu amaona kusiyana kwa nkhondo ziwirizi. Mzinga ukalasa, umadzazidwanso pasanathe mphindi imodzi. Sitima yonyamula ndege ili ndi bwalo limodzi, ndipo masiku amenewo bwalolo silinkatha kulandira ndege zotera uku likundandalika zina zoti zinyamuke. Kukweza gulu la ndege kuchokera pansi, kuzindandalika ndi kutenthetsa mainjini kunkatenga mphindi pafupifupi 45. Ndiye nthawi yomweyo ndege zochokera ku Midway zinali zikubwerera, mafuta atatsala pang'ono, zina zitalasidwa. Nagumo akanati anyamutse kaye zomenyera mdani, zobwererazo zikanagwera m'madzi. Anasankha kuzilandira kaye. Ambiri amamudzudzula, koma ine ndimaona kuti cholakwa chachikulu chinachitika kale m'mbandakucha, pamene anatuma maso ochepa kukayang'ana nyanja yaikulu chotere. Pankhondo yamtunduwu, woyamba kuona mnzake ndiye amakhala woyamba kumenya.

Aamereka anali atanyamutsa kale ndege zawo, ngakhale zinapita mobalalika. Zoyamba kufika zinali zonyamula matopido, zimene zinkayenera kuuluka pang'onopang'ono kufupi ndi madzi. Mwa ndege 41 zoterezi, 35 zinagwetsedwa, ndipo palibe topido imene inalasa. Gulu lochokera pa Hornet linali ndi ndege 15, zonse zinathera pomwepo, n'kupulumuka munthu mmodzi yekha, George Gay. Imfa ya anyamata amenewa siyinapite pachabe, chifukwa kubwera kwawo kunachititsa kuti mabwalo a sitima za Japani atanganidwe ndi ndege zolondera, zonyamuka ndi kutera, moti gulu lokamenya Aamereka linakhalabe pansi m'zipinda.

Nthawi yonseyi Wade McClusky, mtsogoleri wa ndege za pa Enterprise zoponya mabomba kuchokera m'mwamba, anali atafika pomwe ankayembekeza mdani n'kupeza nyanja yokhayokha. Mafuta akutha, anaona kasitima kamodzi ka Japani kakuthamanga, kakusiya mzere woyera pamadzi. Anaganiza kuti kakuthamangira anzake, ndipo anatsata kumene kankaloza. Cha m'ma 10:20 m'mawa anafika pamwamba pa sitima za Nagumo, pafupifupi nthawi imodzi ndi gulu lina lochokera pa Yorktown. Ndegezo zinatsika chamutu kuchokera m'mwamba, n'kumasula mabomba zitayandikira.

M'mphindi zochepa Kaga, Akagi ndi Soryu zinali zikuyaka. Akagi inalasidwa mwachindunji ndi bomba limodzi lokha. Sitima ya mizinga ikanalandira bomba lotero n'kupitiriza ulendo, koma ili linaboola bwalo n'kuphulikira m'chipinda momwe munali ndege zodzaza petulo ndi mabomba amene anali asanabwezedwe mosungira mwake. Moto unalephereka kuzimitsa. Hiryu yotsalayo inabwezera kawiri n'kulemaza Yorktown, imene inadzamizidwa ndi sitima yoyenda pansi pa madzi, koma cha m'ma 5 koloko madzulo nayonso inalasidwa n'kuyaka. Japani inataya sitima zinayi zonsezo ndi anthu pafupifupi 3,000. Amereka inataya anthu 307.

Yamamoto anali adakali ndi mizinga yake yonse. Usiku umenewo anafuna kuthamangitsa Aamereka kuti akumane nawo mumdima, nthawi imene ndege zinkakhala zopanda ntchito. Raymond Spruance, amene ankatsogolera Enterprise ndi Hornet, anazindikira ngoziyo ndipo anabwerera chakum'mawa mpaka pakati pa usiku. Sitima zonyamula ndege zinkathamanga kuposa Yamato, choncho zinkasankha zokha mtunda womenyanirana. Yamamoto anaona kuti kukacha ali pafupi, ndege zimupeza alibe chomuphimba m'mwamba, ndipo analamula kuti onse abwerere kwawo. Yamato sinaombe chipolopolo ngakhale chimodzi pankhondo imeneyi.

Sitima za mizinga sizinathe tsiku lomwelo. Usiku komanso m'madzi opanikizika pakati pa zilumba zinkamenyanabe, monga ku Guadalcanal mu Novembala 1942. Koma ntchito yake yaikulu inasintha, inakhala yoperekeza sitima zonyamula ndege, kuziteteza ndi mfuti zolasira ndege, komanso kuphulitsa magombe asilikali asanatsike. Ajapani eniake anasintha Shinano, sitima imene inkamangidwa kuti ifanane ndi Yamato, n'kuiika bwalo la ndege pamwamba.

Yamato inatumizidwa ku Okinawa mu Epulo 1945 popanda ndege zoiteteza. Pa 7 Epulo ndege zoposa 300 zochokera pa sitima za Amereka zinaipeza isanafike. Oponya matopido ambiri ankalunjika mbali imodzi, yakumanzere, kuti madzi alowe mbali imeneyo sitimayo ipendekeke, ndipo patatha maola pafupifupi awiri inagudubuka n'kuphulika. Anthu pafupifupi 3,000 anafera momwemo, pamene Aamereka anataya ndege 10. Nkhondo itatha palibe dziko limene linayambanso kumanga sitima yatsopano yamtunduwu, ndipo yomaliza kugwira ntchito ku Amereka, Missouri, inapumitsidwa mu 1992.