Masheya 51 pa 100 si ufumu: mavoti angati amadutsitsa chigamulo m'kampani?

Ku Glen View Area 8, kumene akalipentala amakhoma mipando ndi mabedi, ndiponso ku Siyaso m'dera la Mbare, kuli bodza limene lakhazikika m'mitu ya anthu amene anasonkherana ndalama n'kulembetsa kampani. Bodzalo likuti amene ali ndi masheya 51 pa 100 aliwonse ndiye mwini zonse, akhoza kusintha dzina la kampani, kulembanso malamulo ake, ngakhale kuitseka kumene, anzake akungoyang'ana. Bodzali lili ndi mng'ono wake, ndipo mng'onoyo ndiye wapweteka anthu ambiri. Iye amati, “Ngati simukugwirizana nazo, musapiteko kumsonkhanoko, ulephereka wokha.” Zonse ziwiri n'zabodza, ndipo zikumvekanso pakati pa ana ndi adzukulu a anthu amene anachokera ku Nyasaland, amene lero ali ndi timakampani tawo ku Mufakose, Mabvuku, Dzivarasekwa ndi Highfield.

Lamulo loyendetsa makampani ku Zimbabwe pano ndi Companies and Other Business Entities Act, Chaputala 24:31, limene linakhazikitsidwa mu 2019 n'kuyamba kugwira ntchito mu Febuluwale 2020, m'malo mwa lamulo lakale la Chaputala 24:03. Pamsonkhano wa eni masheya pamatuluka zigamulo za mitundu iwiri. Chigamulo wamba chimadutsa ndi mavoti oposa theka. Ndicho chimagwira ntchito za chaka ndi chaka monga kusankha madayirekitala, kulemba ntchito wofufuza mabuku a ndalama, ndi kuvomereza phindu loti ligawidwe. Chigamulo chapadera, chimene ena amangoti sipesho, n'cha nkhani zokhudza mizu ya kampani, monga kusintha dzina lake, kusintha malamulo ake olembedwa, kapena kuitseka mwa kufuna kwa eni ake. Chimenechi chimafuna mavoti osachepera 75 pa 100.

Mawu akuti “oposa” ndi “osachepera” sanaikidwe mwangozi. Pa chigamulo wamba, mavoti 50 pa 100 enieni sakwana. Mbali ziwiri zikafanana, nkhaniyo yagwa, pokhapokha malamulo a kampaniyo atapatsa wapampando voti yachiwiri yodulira mkangano. Pa chigamulo chapadera, 75 yeniyeniyo yakwana. Ndiye kuti munthu wa masheya 25 pa 100 ndendende satha kutsekereza kalikonse payekha onse akabwera. Amafunika sheya imodzi yowonjezera.

Funso limene anthu amalidumpha ndi lakuti 75 pa 100 ya chiyani. Si ya masheya onse a kampani. Ndi ya amene ali ndi ufulu wovota ndipo ali pamsonkhanopo, kaya abwera okha kaya atuma wowaimira ndi kalata. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo masamu ake ndi oyenera kuwatsata pang'onopang'ono.

Tiyerekeze kampani ya akalipentala anayi yokhala ndi masheya 1,000. Bambo amene anayambitsa ntchitoyo ali ndi 510. Mlamu wawo ali ndi 260. Mnzawo wachitatu ali ndi 130, ndipo mayi amene amasunga mabuku ali ndi 100. Bambo aja akufuna malamulo a kampani asinthidwe kuti azitha kugulitsa masheya kwa munthu wakunja popanda kuyamba afunsa anzawo. Mlamu sakufuna.

Onse anayi akabwera n'kuvota potsata masheya, bambo aja paokha amapambana chigamulo wamba chilichonse, chifukwa 510 yaposa theka la 1,000. Mpaka pamenepa bodza lija likuoneka ngati zoona, n'chifukwa chake silifa. Koma kusintha malamulo n'chigamulo chapadera, chimafuna mavoti 750. Ngakhale wachitatu uja ndi mayi aja atagwirizana ndi bambowo, mavoti awo onse ndi 740. Apereŵera ndi 10. Mlamu yekha, ndi masheya ake 260, waimitsa zonse, ndipo palibe kukalipa kapena kumenya tebulo kumene kungasinthe chiwerengerocho.

Tsopano mlamu uja wamvera uphungu wa pamalo omwera, wakwiya, wakhala kunyumba. Pamsonkhano pali mavoti 740 okha, ndipo 75 pa 100 ya 740 ndi 555. Bambo aja paokha sanakwanitse, koma akangokopa mayi wa mabuku yekha afika pa 610, ndipo malamulo asintha. Wachitatu uja naye akanyanyala pomvera chisoni mlamu, pamatsala mavoti 610. Bambo aja ali ndi 510 mwa amenewo, kumene kuli kupitirira 83 pa 100, choncho chigamulo chidutsa ngakhale mayi aja atakana mokuwa. Mlamu anali ndi mphamvu yokana m'manja mwake, ndipo anaitaya chifukwa chosakwera kombi. Akanatha ngakhale kutuma mwana wake wamkulu ndi kalata yomuimira.

Onyanyala amadalira khoramu, poganiza kuti popanda iwo msonkhano suyamba. Koma mpanda umenewu ndi waufupi. Pa chigamulo chapadera lamulo limafuna kuti pamsonkhano pakhale anthu amene onse pamodzi ali ndi mavoti osachepera 25 pa 100 a kampani yonse. M'kampani yathu ija amenewo ndi mavoti 250, ndipo bambo aja ali nawo kuwirikiza kawiri. Chimene akufunika n'chakuti chiwerengero cha anthu chimene malamulo a kampani amafuna kuti msonkhano uyambe chikwane, ndipo m'makampani ang'onoang'ono ambiri chiwerengerocho ndi anthu awiri basi.

Pali chinanso chimene chimasokoneza misonkhano ya m'magalaja ndi m'makalasi a sukulu obwereka Loweruka masana. Wapampando akati, “Amene akuvomereza akweze manja,” kawirikawiri munthu aliyense amawerengedwa voti imodzi, kaya ali ndi masheya 510 kaya 100. M'kampani yathu ija, anthu atatu mwa anayi akakweza manja ndiye kuti 75 pa 100 yakwana, ndipo wapampando wosasamala, kapena wochenjera, alengeza kuti zadutsa. Mlamu akangokhala duu, wagonja pa nkhani imene akanapambana. Chimene ayenera kuchita pompo n'kupempha kuti mavoti awerengedwe potsata masheya. Akatero m'pamene 260 yake imalemera monga iyenera kulemerera. Amene angapemphe kuwerenga kotereku amatchulidwa m'malamulo a kampani, ndipo ndime imeneyo ndi yofunika kuiwerenga msonkhano usanafike, osati manja ali kale m'mwamba.

Nanga amene wabwera koma sanavote mbali iliyonse? Mawu a lamulo la Zimbabwe akunena za anthu amene ali pamsonkhanopo, osati amene aponya voti okha. Wapampando wanzeru amawerenga 75 yake pa onse amene alipo, kuti wina asadzapeze pogwira pokatsutsa kukhoti.

Mavoti okha sapanga chigamulo kukhala chapadera, ndipo apa ndi pamene timakampani ta m'malokeshoni timagwa kwambiri. Eni masheya ayenera kudziwitsidwa za msonkhano kutatsala masiku osachepera 21. Chidziwitsocho chiyenera kunena poyera kuti nkhaniyo idzaperekedwa ngati chigamulo chapadera, ndipo chilembe zimene chigamulocho chikunena. Uthenga wa pa WhatsApp wotumizidwa Lachitatu wakuti “tikumane Loweruka, pali nkhani zofunika” sukwaniritsa chilichonse mwa zimenezi. Kubisa kusintha kwa malamulo pansi pa mutu wakuti “zina ndi zina” nakonso n'kudzinamiza. Anthu akhoza kuombera m'manja, 90 pa 100 n'kuvomereza, koma chigamulocho chili pa mchenga ndipo amene wadandaula akhoza kuchigwetsa. Chikadutsa bwinobwino, chimayenera kukaperekedwa ku ofesi ya Mlembi wa Makampani mwezi usanathe kuti chilembedwe m'kaundula. Chigamulo wamba chosankha wofufuza mabuku chimangolowa m'buku la maminitsi, koma chosintha dzina la kampani chikangokhala m'kabati, kubanki ndi ku ZIMRA adzapitiriza kukudziwani ndi dzina lakale.

Ndiye pali awa amene amaimirira pakati pa msonkhano n'kunena motsimikiza kuti nkhani yaikulu imafuna magawo awiri mwa atatu. Kumene anazitenga n'kodziwika. Gawo 328 la malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a 2013 limati kusintha malamulowo kumafuna magawo awiri mwa atatu a mamembala a nyumba iliyonse ya Malamulo, ndipo chiwerengerochi chimamveka pa wailesi nthawi iliyonse andale akamakangana. Koma kumeneko ndi ku Mount Hampden, si ku Area 8. Ngakhale kawerengedwe kake n'kosiyana, chifukwa aphungu amawerengedwa onse, obwera ndi ojomba omwe, kotero kuti phungu wonyanyala amathandizadi mbali yokana. M'kampani wonyanyala amathandiza amene akufuna kumupondereza. Munthu wobweretsa masamu a aphungu pamsonkhano wa masheya akhoza kulengeza kuti chigamulo chadutsa ndi 67 pa 100, pamene chagwa.

Obwera kuchokera ku Joni nawo ali ndi zawo, ndipo iwo sakunama kwenikweni, angosokoneza mayiko. Lamulo la makampani la South Africa la 2008, pa gawo 65, limayambiranso pa mavoti oposa 50 ndi osachepera 75, koma limalola kampani kusintha ziwerengerozi m'chikalata chake choikhazikitsira, bola pakati pa chigamulo wamba ndi chapadera patsale mpata wosachepera 10 pa 100. Choncho munthu akhoza kukhala kuti anaonadi kampani ku Johannesburg ikudutsitsa chigamulo chapadera ndi mavoti 65 pa 100. Zimenezo zimathera pa Beitbridge.

Zonsezi zikukhudza makampani olembetsedwa. Mabungwe a maliro, amene anthu ochokera ku Malawi akhala akuwadalira kwa zaka zambiri ku Harare, nthawi zambiri si makampani, ndipo chiwerengero chofunika posintha malamulo awo kapena pogawana thumba ndi chimene chinalembedwa m'malamulo a bungwelo, kaya ndi theka, kaya magawo awiri mwa atatu. Makopaletivi a nyumba, monga amene adzaza ku Budiriro ndi Hatcliffe, ali pansi pa lamulo lina, Co-operative Societies Act, Chaputala 24:05, ndipo kumeneko membala amakhala ndi voti imodzi posatengera kuchuluka kwa ndalama zimene anasonkha. Amene walandira chidziwitso cha msonkhano ayambe waona kuti gulu lake linalembetsedwa ngati chiyani, kenako awerenge masiku kuchokera pamene chidziwitsocho chinaperekedwa. Akaona kuti sadzatha kupita, alembe kalata yotuma womuimira ndipo aipereke nthawi imene malamulo a kampaniyo amatchula isanakwane.