Manambala a Pansi pa Besi: Mmene Oimba a Nyengo ya Baroki Ankawerengera Nyimbo

Ku Ulaya, kuyambira cha m'ma 1600 mpaka cha m'ma 1750, nyengo imene akatswiri amaitcha ya Baroki, woimba limba kapena hapusikodi sankapatsidwa manoti onse oti aimbe. Papepala lake pankakhala mzere umodzi wokha wa besi, ndipo pansi kapena pamwamba pa manoti ena pankalembedwa timanambala monga 6, 7 kapena 4 3. Dzanja lamanzere linkaimba besiyo monga yalembedwera, pomwe lamanja linkadzipezera lokha makhodi potsata manambalawo, nyimbo ili mkati. Kalembedwe kameneka ndiko besi ya manambala. Gulu la zoimbira limene linkasenza besiyo kuchokera poyamba mpaka pomaliza linkatchedwa kontinuwo, mawu a Chitaliyana otanthauza chinthu chopitirira osaduka. Kawirikawiri munkakhala anthu awiri: wina wa chelo kapena basuni wotsindika mzere wapansiwo, wina wa limba, hapusikodi kapena luti wodzaza makhodi.

Mwambowu unamera ku Italy. M'chaka cha 1602 Lodovico Viadana anasindikiza nyimbo zake za m'tchalitchi zokhala ndi besi ya woimba limba, ndipo chaka chomwecho Giulio Caccini anatulutsa Le nuove musiche, nyimbo za munthu mmodzi zoyenda pamwamba pa besi ya manambala. Mu 1607 Agostino Agazzari analemba kabuku kolangiza oimba mmene angaimbire pamwamba pa besi. Pofika nthawi ya Corelli, Handel ndi Bach, nyimbo zambiri za gulu zinkadalira kontinuwo.

Chinsinsi chonse chagona pa mfundo imodzi, ndipo ophunzira ambiri amapunthwa pomwepa: nambala iliyonse imawerenga mtunda kuchokera pa noti ya besi, osati kuchokera pa muzu wa khodi. Noti ya besiyo ndiyo 1, kenako kuwerenga kumakwera motsata kiyi ya nyimbo. Amene anakulira m'kwaya ya do re mi savutika nazo. Ngati besi ili pa mi ndipo pansi pake pali 6, kuwerenga kumayenda motere: mi, fa, so, la, ti, do. Noti yachisanu ndi chimodzi ndi do. Nambalayo sinena kuti do ameneyu aimbidwe m'mwamba kapena m'munsi, ndiponso sinena kuti akhale m'mawu ati. Zimenezo n'za woimba.

Manambalawa ankalembedwa mwachidule, chifukwa zimene woimba aliyense ankazidziwa kale panalibe chifukwa chozithera inki. Noti yopanda nambala imatanthauza 5/3, ndiye kuti besi ya C imalandira E ndi G. Nambala 6 payokha imaimira 6/3. Nambala 6/4 imalembedwa yonse. Makhodi a manoti anayi ali ndi zidule zawo: 7, 6/5, 4/3 ndi 4/2, imene ena ankangoilemba kuti 2. Chizindikiro cha shapu kapena fulati chikaima chokha, popanda nambala pambali pake, chimakhudza noti yachitatu kuchokera pa besi. M'nyimbo ya kiyi ya A maina, besi ya E yokhala ndi # pansi pake imafuna G#, ndipo woiwala zimenezi amazimitsa noti imene imakokera nyimbo kubwerera kwawo pa A. Kamzere kodutsa pakati pa nambala kamatanthauza kuti notiyo ikwezedwe ndi theka la sitepe, pomwe kamzere kogona pambuyo pa nambala kamauza dzanja lamanja kuti ligwirebe khodi yomweyo ngakhale besi ikuyenda.

M'kalasi, ntchito imene woimba ankaichita ndi zala imachitikira papepala: wophunzira amapatsidwa besi ndi manambala ake kuti alembe mawu atatu apamwamba, sopulano, aluto ndi tena. Chitsanzo ndi besi ya manoti asanu m'kiyi ya C meja: C yopanda nambala, E yokhala ndi 6, F yokhala ndi 6/5, G yokhala ndi 4 3, ndi C yomaliza.

Choyamba ndi kupeza manoti a khodi iliyonse, asanaganize n'komwe za amene aziimbe. Pa C pali C, E, G. Pa E pali E, G, C, khodi yomwe ija koma itaima pa mwendo wina. Pa F, nambala 6 ikupereka D, 5 ikupereka C, ndipo 3 yosalembedwayo ikupereka A. Pa G pali D, pamodzi ndi C amene atsikire ku B. Kenako ndi kugawa manotiwo, ndipo lamulo la oimba akale linali loti dzanja lisamayendeyende pachabe: noti imene ili m'makhodi awiri otsatizana ikhale pomwe ili, ndipo zinazo zisunthe pang'ono pokha.

Apa pali msampha wooneka ngati nzeru. Wophunzira amene anauzidwa kuti si bwino kubwereza noti ya besi pa khodi ya 6 amachotsa tena pa E n'kumutsitsira ku C, kuti dzanja lamanja likhale C, G, C. Khodiyo payokha imamveka bwino ndithu. Vuto limaonekera pa sitepe yotsatira. Tena akukwera kuchokera ku C kupita ku D, aluto akukwera kuchokera ku G kupita ku A. Kuchokera pa C kufika pa G ndi mtunda wa 5, kuchokera pa D kufika pa A ndi 5 yemweyo. Mawu awiri ayenda limodzi atagwirana pa mtunda wa 5, chinthu chimene kalembedwe ka nthawi imeneyo kankakana, chifukwa mawu awiriwo amasiya kumveka ngati anthu awiri osiyana. Mankhwala ake ndi kusiya dzanja pomwe linali. Tena akakhala pa E, amatsikira ku D pamene aluto akukwera ku A, ndipo vuto latha. Kubwereza E kuja n'kochepa poyerekeza ndi cholakwa chimene kwapewetsa.

```
Sopulano  C    C    C     C  B   C
Aluto     G    G    A     G      G
Tena      E    E    D     D      E
Besi      C    E    F     G      C
               6    6/5   4  3
```

Sopulano akuoneka waulesi, koma ndiye wagwira nkhani yonse. C wake akuyamba ngati noti yokhazikika. Pa besi ya F, C yemweyo akukhulana ndi D wa tena. Besi ikafika pa G iye akukanirirabe, ndipo tsopano ali pa mtunda wa 4, womveka ngati ngongole yosabwezedwa, mpaka atatsika sitepe imodzi kufika pa B. Manambala 4 3 akufotokoza ulendo wa mawu amodzi amenewa. Noti yochedwa yotere ili ndi magawo atatu: imakonzedwa m'khodi yam'mbuyo, imagundana ndi besi pa kugunda kwamphamvu, kenako imatsika. Wolemba akalumphira pa 4 kuchokera kwina, kapena akaika B m'mawu ena pamene C adakalira, waononga chimene manambalawo amafuna. Momwemonso ndi 7 6; pa 9 8 pokha noti yotsikirako imakhala ikumveka kale m'besi.

Njira yodziwira ngati ntchito yayenda bwino ndi yotopetsa koma yodalirika. Mawu anayi amapanga mapeya asanu ndi limodzi, ndipo peya iliyonse iyenera kuyendetsedwa payokha kuchokera khodi ina kufika ina, kuona ngati 5 watsatana ndi 5 kapena 8 ndi 8. Besi ndi sopulano ndiwo oyambira, popeza khutu limawagwira msanga. Zolakwa za pakati, monga cha tena ndi aluto chija, zimabisala kwa maso ndipo nthawi zambiri zimagwidwa pokhapokha munthu ataimba mawu awiriwo okha.

Kufotokoza ndi ntchito ina, ndipo pamafunika kusiyanitsa zilankhulo ziwiri. Manambala a besi amanena zimene zala zigwire pamwamba pa noti yapansi. Manambala a Chiroma amanena muzu wa khodi ndi malo ake m'kiyi. Ganizo loti C-E-G ndi E-G-C ndi khodi imodzi yotembenuzidwa linafalitsidwa ndi Jean-Philippe Rameau m'buku lake la 1722, ndipo manambala a Chiroma anafala pambuyo pake, m'zaka zoyambirira za m'ma 1800, makamaka kudzera mwa Gottfried Weber. Choncho wophunzira wolemba manambala a Chiroma pansi pa nyimbo ya Corelli akugwiritsa ntchito chida chimene Corelli sanachidziwe. Palibe cholakwika pamenepo, bola adziwe kuti ndi zinthu ziwiri. Chitsanzo chija chimalembedwa motere:

```
I   I6   ii6/5   V4-3   I
```

Khodi yachitatu ndiyo imayesa ngati munthu wamvetsa. Besi ili pa F, koma muzu ndi D, chifukwa manotiwo akasanjidwa modumpha imodziimodzi amakhala D, F, A, C. Ndiye chifukwa chake dzina lake ndi ii, osati IV. Komanso C amene manambala a besi akumutcha 5 ndi yemweyo amene kuchokera pa muzu ali pa mtunda wa 7. Chiganizo chabwino cha m'ntchito ya kalasi chimatchula malo, besi, nambala, kenako zimene zikuchitika. Chikhoza kunena kuti pa noti yachitatu besi ili pa F ndi 6/5, kutanthauza khodi ya ii yotembenuzidwa kamodzi, ndi kuti C wa sopulano wakonzedwa kale m'khodi yam'mbuyo, wagwiridwa pamwamba pa G monga 4, n'kutsikira ku B nyimbo isanatsekere pa I. Chiganizo chongoti makhodi akuyenda mokoma sichipatsa woonetsetsa ntchitoyo chilichonse choti achiyeze ndi pepala.

Si nambala iliyonse imene imabala khodi yatsopano. Mzere wa 7 6, 7 6 pamwamba pa besi yotsika sitepesitepe, umene umapezeka kawirikawiri m'zigawo zodekha za Corelli, ndi makhodi a 6 okhala ndi noti yochedwa. Kupatsa 7 aliyense dzina lake la Chiroma kumadzaza pepala ndi mizu imene khutu silikuimva. Chimodzimodzi 6/4 wotsatidwa ndi 5/3 pa besi ya G pafupi ndi mathero: manoti ake ndi ofanana ndi a khodi ya I, koma ntchito yake ndi ya V, popeza 6 akutsikira ku 5 ndipo 4 akutsikira ku 3. Mabuku ena amalemba I6/4, ena V6/4-5/3, ndipo wophunzira asankhe njira imodzi n'kuisunga mpaka kumapeto.

Mawu anayi osasintha a m'kalasi ndi chida chophunzitsira chabe. Woimba weniweni ankachepetsa manoti woimba pakamwa akafewetsa mawu, ankawachulukitsa nyimbo ikakula, ndipo pa hapusikodi, imene mawu ake sachedwa kuzilala, ankamwaza khodi noti imodziimodzi. Mabuku a Johann David Heinichen a 1728 ndi a C. P. E. Bach a 1762 amathera masamba ambiri pa zisankho zotere. Ndiponso mabesi ambiri akale alibe manambala okwanira, mwina alibiretu, ndipo manambala a m'mabuku osindikizidwa masiku ano nthawi zina ndi a mkonzi. Pamene wophunzira wawonjezera nambala yake, aiike m'mabulaketi ndi kutchula noti ya m'mawu apamwamba imene yamutsogolera.