Anjayina (kupweteka kwa pachifuwa pogwira ntchito)

Anjayina ndi ululu kapena kulemera kwa pachifuwa kumene kumayamba munthu akamagwira ntchito yolemetsa kapena kukwera chitunda, ndipo kumasiya akapuma kwa mphindi zochepa. Ululuwu umabwera pamene minofu ya mtima ikulandira magazi ochepa poyerekeza ndi ntchito imene ikugwira. Nthawi zambiri chimachititsa ndi kuchepa kwa njira m'mitsempha imene imadyetsa mtimawo. Dzinali linachokera ku mawu a Chilatini otanthauza kukanyanga pakhosi. Dokotala wa ku England, William Heberden, ndi amene anafotokoza matendawa mwatsatanetsatane mumzinda wa London m'chaka cha 1768.

M'madera olima fodya monga kwa Mfumu Kaluluma, kumpoto kwa boma la Kasungu, ululu wotere ndi wosavuta kuunyalanyaza. Ntchito ya kumunda imapweteketsa thupi lonse, ndipo munthu akaona kuti ululu watha atakhala pansi amaganiza kuti kunali kutopa chabe. Komabe kutha kwa ululu popuma ndi kumene kumasonyeza kuti vuto lingakhale mu mtima.

Chimene chimachitika mu mtima

Mtima ndi mnofu, ndipo sudya magazi amene umapopa m'zipinda zake. Uli ndi mitsempha yakeyake iwiri ikuluikulu, wakumanja ndi wakumanzere, imene imayenda pamwamba pake n'kugawikana nthambi. M'kupita kwa zaka, mafuta otchedwa kolesitolo amatha kuunjikana m'kati mwa khoma la mitsemphayi, ndipo njira ya magazi imachepa.

Minofu ya mwendo ikafuna mpweya wa okosijeni wambiri, imatha kungotenga wochuluka m'magazi omwewo amene akudutsa. Mtima sungachite zimenezi, chifukwa ngakhale munthu atagona umakhala ukutenga kale pafupifupi magawo atatu mwa anayi a okosijeni wa m'magazi amene akuudyetsa. Ukafuna wowonjezera, njira yake ndi imodzi yokha, yakuti magazi ambiri adutse m'mitsempha yake. Mtsempha wabwino umatambasuka n'kulola zimenezi, koma wochepa njira sutha.

Kawirikawiri zizindikiro zimayamba pamene kukula kwa njira ya mtsempha kwachepa ndi pafupifupi 70 peresenti. Pamenepo magazi amakwanirabe munthu akakhala pansi, koma amaperewera akayamba kulima. Palinso chifukwa china: minofu ya mbali yakumanzere ya mtima imalandira magazi makamaka pa kanthawi kamene mtima wamasuka pakati pa kugunda kuwiri. Mtima ukamagunda mofulumira kanthawi kameneka kamafupika, choncho umafuna zambiri pa nthawi imene ukulandira zochepa.

Mmene ululu wake umamvekera

Madokotala amayang'ana zinthu zitatu. Choyamba, munthu amamva kufinya, kuthina kapena kulemera pakati pa chifuwa, kuseri kwa fupa lapakati, ndipo nthawi zina kumafika kukhosi, kunsagwada, paphewa kapena kumkono wakumanzere. Chachiwiri, kumayamba chifukwa cha ntchito, mkwiyo kapena mantha. Chachitatu, kumatha pasanathe mphindi 5 munthu akapuma kapena akaika mankhwala a naitirogiliserini pansi pa lilime. Zitatu zonsezi zikapezeka, mpata woti ndi anjayina ndi waukulu. Chikapezeka chimodzi chokha, madokotala amayamba kuganizira matenda ena.

Odwala ambiri sanena kuti "zikubaya". Amanena kuti pachifuwa pali ngati paikidwa mwala, ndipo akafunsidwa pamene pakupweteka amaika chikhatho chonse kapena chibakera pachifuwa m'malo moloza ndi chala. Kuzizira kwa mu Juni ndi Julayi, mphepo yowomba kumaso ndiponso kugwira ntchito utangokhuta nsima zimachititsa ululuwu kubwera msanga. Amayi, okalamba ndi odwala shuga nthawi zina samva ululu weniweni, amangobanika kapena kufooka modabwitsa akayenda pang'ono.

Chitsanzo

Mwachitsanzo, mlimi wa fodya wa zaka 58 wakhala akusuta chingambwe kuyambira ali mnyamata. M'nyengo ya nazale amatunga madzi kudambo, ndipo nthawi iliyonse akamakwera mtunda ndi ndowa ziwiri amamva chifuwa kuthina akafika pakatikati. Amatula ndowazo, ndipo pakatha mphindi 3 kapena 4 zimasiya. Akamasoka fodya atakhala m'chigafa samva kanthu.

Ntchito ya mtima wake ikhoza kuyerekezedwa pochulukitsa kugunda kwa mtima pa mphindi imodzi ndi nambala yapamwamba ya bipi. Atakhala pansi mtima ukugunda ka 70 ndipo bipi yapamwamba ndi 130, zimene zikupereka 9,100. Pamtunda paja mtima ukugunda ka 120 ndipo bipi yakwera kufika 170, zimene zikupereka 20,400. Ntchito ya mtima yaposa kawiri, koma mtsempha wochepa njira sungapereke magazi owirikiza kawiri. Akapuma, nambalazi zimatsika, magazi amakwaniranso ndipo ululu umatha. Mtsemphawo sunachire, ndipo mawa ululu udzabweranso pamalo omwewo.

Malinga ngati ululu ukubwera pa ntchito yofanana ndi kutha pa nthawi yofanana kwa miyezi ingapo, amati anjayina wokhazikika. Mlimiyu akufunika kupimidwa m'masiku ochepa, osadikira kuti msika wa fodya wa ku Chinkhoma utseke.

Pamene ululu wasintha khalidwe

Mafuta ounjikana mu mtsempha ali ndi kachikopa pamwamba pake. Kachikopaka kakang'ambika, magazi amaundana pamalopo m'mphindi zochepa ndipo njira imatsekeka pang'ono kapena yonse. Izi zimadziwika ndi kusintha kwa ululu. Ngati mlimi uja ayamba kuumva akungopita kubafa, kapena ukumudzutsa usiku, kapena ukubwera kawirikawiri ndi mphamvu kuposa kale, ameneyo ndi anjayina wosakhazikika ndipo ayenera kupita kuchipatala tsiku lomwelo.

Ululu umene sukusiya pakatha mphindi 15 munthu atapuma, makamaka ngati pali thukuta lozizira, nseru, kubanika kapena kukomoka, ukhoza kutanthauza kuti mtsempha watsekeka ndipo mbali ina ya mnofu wa mtima yayamba kufa. Mnofu umene wafa sumeranso, ndipo kuwonongekaku kumakula ola lililonse. Wodwala wotere asayende wapansi kapena kupalasa njinga yekha. Akhale pansi motsamira, anyamulidwe pa galimoto, ndipo akhoza kutafuna asipirini wa mamiligalamu 300 ngati asipirini samuwenga ndiponso ngati alibe vuto lotaya magazi kapena zilonda za m'mimba.

Ululu wina umene umasokoneza

Si ululu wonse wa pachifuwa umene ndi wa mtima. Ululu wa minofu ndi nthiti, umene umabwera munthu akanyamula belo la fodya kapena kukankha jeke, umakhala pamalo amodzi, umawonjezeka akapadina kapena akatembenuka, ndipo umatenga masiku. Ululu wa chibayo ndi chifuwa chachikulu umabaya popuma mpweya kapena potsokomola, ndipo umayenda ndi kutentha thupi. Chilungulira chimawotcha pambuyo pa chakudya kapena pogona, osati pokwera chitunda. Anthu othyola fodya wonyowa ndi mame amatha kudwala chifukwa cha nikotini wolowera pakhungu: amamva nseru, chizungulire, mutu ndi kugunda kwa mtima, koma zimenezi zimatsatira kukhudza masamba ndipo zimatha pa tsiku limodzi kapena awiri.

Anjayina weniweni akhozanso kubwera kapena kukula pa zifukwa zina. Kuchepa kwambiri kwa magazi, kochokera ku malungo, njoka za m'mimba kapena kutaya magazi, kumachepetsa okosijeni wofika ku mtima. Kuchepa kwa khomo limene magazi amatulukira mu mtima kupita m'thupi kumaperekanso ululu wofanana. N'chifukwa chake kupima kuchuluka kwa magazi ndi kumvetsera mtima n'kofunika kwa wodwala aliyense.

Amene ali pachiopsezo

Zinthu zimene zimawononga mitsempha ya mtima ndi kusuta fodya, kuthamanga kwa magazi, matenda a shuga, kolesitolo wambiri, kunenepa kwambiri, kukula kwa msinkhu ndi kukhala ndi kholo kapena m'bale amene anadwala mtima akadali wamng'ono. Kachilombo ka HIV nakonso kamawonjezera chiopsezochi. Kafukufuku wa dziko lonse amene Unduna wa Zaumoyo unachita mothandizidwa ndi Bungwe Loona za Umoyo Padziko Lonse m'chaka cha 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Fodya wopichira pamanja si wabwino kuposa ndudu za m'sitolo: utsi wake uli ndi nikotini amene amafinya mitsempha ndi kufulumizitsa mtima, komanso mpweya woipa umene umalanda malo a okosijeni m'magazi.

Kupima ndi chithandizo

Wodwala wa kwa Kaluluma amayambira pa chipatala cha Kaluluma kapena cha mishoni cha Nkhamenya. Ngati pakufunika kutero amatumizidwa ku chipatala cha boma cha Kasungu, kenako ku chipatala chachikulu cha Kamuzu ku Lilongwe. Chida chachikulu popima ndi mbiri ya ululuwo, choncho wodwala afotokoze ntchito imene imauyambitsa, mphindi zimene umatenga ndi chimene chimauletsa. Achipatala amayeza bipi, imene imatengedwa kuti ndi yokwera ikamafika 140/90 kapena kuposa, komanso shuga ndi kuchuluka kwa magazi. Makina a isiji amajambula mphamvu ya magetsi ya mtima, koma pafupifupi theka la odwala anjayina wokhazikika amakhala ndi zotsatira zooneka bwino akajambulidwa atapuma. Zotsatira zabwino za isiji sizitanthauza kuti mitsempha ili bwino.

Mankhwala ake ali m'magulu awiri. Ena amachepetsa ululu: naitirogiliserini, amene William Murrell anayamba kumugwiritsa ntchito pa matendawa m'chaka cha 1878, amatambasula mitsempha ndipo amagwira ntchito pa mphindi 1 mpaka 3. Amaikidwa pansi pa lilime munthu atakhala pansi, chifukwa amatsitsa bipi ndi kupweteketsa mutu. Sayenera kuphatikizidwa ndi mapiritsi owonjezera mphamvu za abambo monga viyagira, chifukwa bipi ikhoza kugwa mpaka munthu kufa. Mankhwala monga atenololo amachedwetsa kugunda kwa mtima, ndipo sasiyidwa mwadzidzidzi.

Gulu lachiwiri ndi loteteza kuti mtsempha usatsekeke: asipirini wa mamiligalamu 75 tsiku lililonse, mankhwala otsitsa kolesitolo, ndi a bipi ndi shuga. Amenewa amamwedwa ngakhale ululu utasiya. Kusiya fodya kumachepetsa kwambiri mpata wotsekeka mtsempha m'zaka zochepa zoyambirira. Kuyenda tsiku ndi tsiku n'kololedwa, bola munthu aziima ululu ukangoyamba. Ngati mankhwala sakuthandiza, madokotala amajambula mitsemphayo n'kuitsegula ndi kachubu kachitsulo kotchedwa sitenti, kapena kuchita opaleshoni yolambalala malo otsekekawo. Amalawi ambiri ofunika thandizo lotere akhala akutumizidwa kunja, makamaka ku India.