Mapaundi 120 Amene Anafika Kumudzi Ali 82

Imelo ya mwana amene ali kunja kawirikawiri imayamba ndi moni n'kuthera pa ndalama. Titenge chitsanzo cha mtsikana wosamalira okalamba ku Ingalande, amene mayi ake ku Dedza amupempha ndalama ya feteleza. Wagwira shifiti yowonjezera ya mapaundi 120, ndipo kumudzi awerengera kale: paundi ikakhala pa K2,300, ndiye kuti kukubwera K276,000. Koma uthenga wa pafoni ukuti kwalowa K185,400 yokha. Achimwene ake ayamba kung'ung'udza, ndipo iye akhala pansi usiku kulemba imelo yofotokoza kumene ndalama yalowera.

Akuyamba ndi msonkho. Ku Ingalande munthu sadulidwa msonkho pa mapaundi 12,570 oyamba pachaka, omwe ndi pafupifupi 1,048 pamwezi. Ndalama yopyola pamenepo boma limadulapo 20 peresenti, komanso 8 peresenti ya inshuwalansi ya boma, imene pachikalata cha malipiro imalembedwa kuti NI. Apa ndi pamene ambiri kumudzi amasokonezeka. Malipiro ake a mwezi anadutsa kale malire aja, choncho shifiti yowonjezerayo yonse igwa m'manja mwa msonkho. Pa mapaundi 120, msonkho watenga 24, inshuwalansi yatenga 9.60, ndipo iye watsala ndi 86.40. Abwana amadula okha ndalamayo isanafike n'komwe ku banki, monga PAYE imachitikira kuno kwathu.

Kenako pakubwera mtengo wotumizira. Tinene kuti kampani yotumiza ndalama ikulipiritsa mapaundi 4 pa ulendo uliwonse, atsala 82.40. Chindapusa chosasintha chotere chimapweteka kwambiri wotumiza pang'onopang'ono, chifukwa pa mapaundi 40 chimadya 10 peresenti, pamene pa 400 chimadya 1 peresenti yokha. N'chifukwa chake mtsikanayu akupempha amayi ake kuti zosowa za mwezi azizinena pamodzi.

Kudula kwachitatu n'kobisika, ndipo n'kumene kumawawa mtima chifukwa palisiti sikulembedwa ngati chindapusa. Kampani ikasintha paundi pa K2,250 m'malo mwa K2,300, ndiye kuti K50 yapita pa paundi iliyonse, zomwe pa mapaundi 82.40 zikukwana K4,120. Wotumiza angakuzindikire pokhapokha atafananiza makampani awiri kapena atatu tsiku lomwelo, n'kuyang'ana makwacha amene afike, osati chindapusa chokha.

Banki Yaikulu ya Dziko Lonse yakhala ikuonetsa kuti kutumiza ndalama ku maiko a kumwera kwa chipululu cha Sahara n'kodula kuposa kwina kulikonse, pafupifupi 8 peresenti, pamene bungwe la United Nations likufuna kuti pofika 2030 mtengowu utsike kufika pansi pa 3 peresenti.

Imeloyo ikutha ndi chikumbutso kwa achimwene: pokatapa ndalamayo kwa ejenti wa Mpamba kapena Airtel Money adulanso ina, choncho asanapite kukagula feteleza ayambe afunsa mtengo wotapira.