Khungu lakuda pa chithunzi chojambula pamanja

Wojambula waku America, Kerry James Marshall, amadziwika ndi kujambula anthu akuda bii. Komabe ukaima pafupi ndi zithunzi zake, mphuno, zikope ndi milomo zimaoneka bwinobwino. Iye sathira penti yoyera kuti nkhope iwale. Amagwiritsa ntchito mitundu ingapo ya penti yakuda, ina yopendekera ku buluu, ina ku mtundu wofiirira, ndipo kusiyana kwakeko ndiko kumaumba nkhope.

Apa ndi pamene ophunzira ambiri amaphonya. Akafuna kuwalitsa chipumi amasakaniza penti yoyera ndi yofiirira, khungu n'kutuwa ngati la munthu amene sanadzole mafuta m'nyengo yozizira. Pamalo owalawo pamafunika kachikasu kapena kabuluu kochokera kumwamba, kuikidwa pang'ono chabe pachipumi, pamphuno ndi pamasaya.

Tsitsi lopotana nalo silifuna mizere italiitali yonyezimira, chifukwa limamwaza kuwala. Wojambula amayamba ndi mpukutu wonse wa tsitsi ngati chinthu chimodzi chokhala ndi mthunzi wake, kenako n'kuika timizere topota m'mphepete ndi mbali imene kuwala kwagwera. Akajambula tsitsi lililonse palokha, mutu umaoneka ngati waya wotsukira mapoto.